Malipiro atatu, mizere isanu ndi umodzi: kusaka cholakwika mu funso la SQL

Makopaletivu, masitolo ndi maofesi ambiri masiku ano sasunganso maakaunti m'kaundula wa pepala yekha. Zinthu zimalowa m'kompyuta, m'nkhokwe yotchedwa detabesi, ndipo pamakhala kapulogalamu kakang'ono, sikilipiti, kamene kamadzuka kokha kumapeto kwa mwezi, kufunsa detabesiyo mafunso n'kutulutsa lipoti. Zikamayenda bwino palibe amakakumbukira. Koma tsiku lina mlembi wa zachuma amatsegula lipoti n'kupeza dzina la munthu mmodzi likubwera kawiri, tsiku lomwelo, ndalama zomwezo. Akaphatikiza zonse, ndalama za pa lipoti zikuposa zimene zinalowa kubanki. Apa anthu amayamba kuyang'anana, chifukwa pamene pali ndalama za gulu, kusiyana kwa manambala kumabala kukayikirana msanga.

Kawirikawiri palibe wakuba, ndiponso kompyuta sinasokonezeke. Detabesi yayankha ndendende funso limene yafunsidwa. Chovuta n'chakuti funsolo silikunena zimene wolilemba ankaganiza kuti likunena, ndipo malo amene limapatukira ndi pa liwu limodzi, JOIN.

Tiyerekeze kopaletivu ya alimi 400 imene imabwereketsa feteleza pangongole. Detabesi yake ili ndi matebulo atatu. Tebulo lili ngati tsamba la kaundula: lili ndi mizere yopingasa, mzere uliwonse kukhala nkhani imodzi, komanso makolamu otsika, iliyonse ndi mutu wake. Tebulo la `mamembala` lili ndi mzere umodzi pa mlimi aliyense, nambala yake ndi dzina lake. La `malipiro` lili ndi mzere umodzi nthawi iliyonse mlimi akabweza kangachepe. La `mafoni` limasunga manambala a foni, kuti sikilipiti izitha kutumizira aliyense uthenga womuuza ngongole yotsala. Funso limene sikilipiti imatumiza, m'chinenero cha SQL, ndi ili:

```sql
SELECT m.nambala, m.dzina, p.tsiku, p.ndalama, f.foni
FROM mamembala m
JOIN malipiro p ON p.membala = m.nambala
JOIN mafoni f ON f.membala = m.nambala;
```

M'Chichewa chathu funsoli likuti: tenga membala aliyense, umulumikize ndi malipiro ake, umulumikizenso ndi foni yake. Likuoneka labwinobwino, ndipo likhoza kugwira ntchito miyezi yambiri popanda dandaulo. Pa lipoti losindikiza, sikilipiti imaonetsa dzina, tsiku ndi ndalama zokha. Nambala ya foni imaisungira uthenga uja, pa pepala sioneka.

Tsopano titenge membala nambala 214. Anatenga feteleza wa K180,000. Wabweza katatu: K20,000, kenaka K20,000 ina, kenaka K35,000. Zonse pamodzi ndi K75,000, ndipo kwatsala K105,000. Koma lipoti la mwezi uno likumuonetsa ndi mizere isanu ndi umodzi, malipiro aliwonse kawiri, ndipo likuti wabweza K150,000, kwangotsala K30,000. Chasintha n'chiyani? Mwezi watha mlimiyu anapereka nambala yachiwiri ya foni. Kuno kwathu n'zosadabwitsa, anthu ambiri ali ndi simukhadi ziwiri, ina ya Airtel ina ya TNM. Mlembi anailowetsa moyenera, tebulo la `mafoni` n'kukhala ndi mizere iwiri ya membala 214.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tisathamange. Anthu ambiri amaganiza kuti JOIN imatenga mzere wa kumanzere n'kuupachika zinthu za kumanja, mizere n'kukhalabe yochuluka chimodzimodzi. Si momwemo. JOIN imatulutsa mzere umodzi pa kukumana kulikonse kwa mzere wa uku ndi mzere wa uko kumene kwakwaniritsa zolembedwa pambuyo pa `ON`. Zili ngati pa chinkhoswe: akuchimuna atabwera atatu, akuchikazi awiri, aliyense n'kupatsa moni wa dzanja aliyense wa mbali inayo, anthu alipo asanu koma moni waperekedwa kasanu ndi kamodzi. Malipiro atatu a membala 214 akumana ndi mafoni ake awiri, aliwonse ndi foni iliyonse, n'chifukwa chake mizere yafika 6. Akanakhala ndi mafoni atatu ikanafika 9. Mizereyi sikuwonjezeka mophatikiza, ikuwonjezeka mochulukitsa.

Ndipo taonani, mizere imeneyi si yofanana kwenikweni. Imasiyana pa kolamu ya foni. Imaoneka ngati mapasa chifukwa lipoti silisindikiza kolamu imeneyo. Ichi ndicho chimasokoneza anthu ambiri: amafufuza mzere wobwerezedwa, pamene chimene chilipo ndi mizere yosiyana imene kusiyana kwake kwabisika.

Ifeyo taona kale chochititsa chifukwa chitsanzochi tachimanga tokha. Munthu amene wapatsidwa sikilipiti yolembedwa ndi wina, funso lake lolumikiza matebulo asanu kapena asanu ndi awiri, sadziwa kuti ndi pati. Ayambire pati?

Ayambe ndi kulekanitsa funso ndi sikilipiti. Pali zinthu ziwiri zimene zingabwereze mizere, funsolo kapena pulogalamu yolizungulira, ndipo kuzifufuza zili pamodzi n'kutaya nthawi. Sikilipiti isindikize funso lenileni limene ikutumiza, pamodzi ndi manambala amene ikulowetsamo, monga mwezi kapena nambala ya nthambi. Ndikuti lenileni, chifukwa masikilipiti ambiri amalumikiza funso zidutswazidutswa, ndipo chimene chimafika ku detabesi chikhoza kusiyana ndi chimene maso akuwerenga m'failo. Kenaka funsolo alikopere, alithamangitse yekha pa chida cha detabesiyo, monga `sqlite3` kwa amene ali ndi SQLite, kapena `psql` kwa a PostgreSQL. Aonetsetsenso kuti ndi detabesi yomweyo imene sikilipiti imatsegula, osati kope lakale lotsalira pa laputopu.

Ngati pa chidacho mizere yatuluka yoyera, yosabwereza, ndiye kuti funso lilibe mlandu, vuto lili mu sikilipiti. Zofala n'zochepa. Mwina failo ya lipoti ikutsegulidwa ndi `"a"` m'malo mwa `"w"` mu Python, kotero lipoti latsopano likulembedwa kumunsi kwa lakale m'malo molifafaniza. Mwina mndandanda wosonkhanitsira zotsatira sukukhuthulidwa pamene pulogalamu yazungulira kupita ku nthambi ina. Mwinanso sikilipiti inaikidwa kawiri pa ndondomeko yodzidzutsa yokha, `cron`. Zoterezi zili ndi chizindikiro chake: aliyense amabwerezedwa mofanana, ndipo nthawi zambiri lipoti lonse limayambiranso pakati, dzina loyamba n'kubweranso pambuyo pa lomaliza. Kubwereza kochokera ku JOIN kumasankha. Ena amatuluka kamodzi, ena kawiri, ena katatu, malinga ndi zimene zili m'tebulo linalo.

Ngati kubwereza kukuonekabe pa chida cha detabesi, njira yodalirika ndi kuwerenga mizere. Musanawerenge, dzifunseni kaye: mzere umodzi wa lipotili ukuyenera kuimira chiyani? Funso limeneli anthu amalilumpha, koma popanda yankho lake simungadziwe kuti chiwerengero cholondola ndi chiti. M'chitsanzo chathu mzere umodzi uyenera kuimira malipiro amodzi. Choncho ngati tebulo la `malipiro` lili ndi mizere 1,150, lipoti likhale ndi mizere 1,150, osapitirira.

Ndiye phwasulani funsolo, mulimangenso pang'onopang'ono. Yambani ndi tebulo limodzi:

```sql
SELECT COUNT(*) FROM malipiro p;
```

Yankho ndi 1,150. Onjezani JOIN yoyamba, ya `mamembala`, muwerengenso. Yankho likadali 1,150, chifukwa malipiro aliwonse ali ndi mwini mmodzi. Onjezani yachiwiri, ya `mafoni`. Yankho ladumpha kufika 1,411. Mwapeza malo. Simunafunike kumvetsa funso lonse, mwangoona pamene chiwerengero chasinthira. Kaya matebulo ndi khumi, njira ndi yomweyi: JOIN imodzi, kuwerenga, JOIN ina, kuwerenganso.

Pali msampha umodzi apa woyenera kuudziwa. JOIN wamba imataya mizere imene ilibe mnzake mbali inayo. Mlimi amene sanapereke foni, malipiro ake onse amasowa pa lipoti. Zikhoza kuchitika kuti mizere yosowa ndi mizere yobwerezedwa ikhale pafupifupi yofanana kuchuluka, chiwerengero n'kuoneka ngati chabwino pamene zolakwika zili ziwiri. Pofuna kupewa izi, werengani zinthu ziwiri nthawi imodzi, `COUNT(*)` ndi `COUNT(DISTINCT p.risiti)`, pamene `risiti` ndi nambala ya lisiti ya malipiro aliwonse. Choyamba chikaposa chachiwiri, pali kubwereza. Chachiwiri chikachepera 1,150, pali zotayika.

Tebulo lokayikitsa likadziwika, lifunseni mwachindunji kuti ndani amene akupezekamo koposa kamodzi:

```sql
SELECT membala, COUNT(*)
FROM mafoni
GROUP BY membala
HAVING COUNT(*) > 1;
```

Kafunso aka ndi kamene ndimakaona kofunika kuposa ena onse pa ntchitoyi. Kamasonkhanitsa mizere malinga ndi kolamu imene JOIN ikugwiritsa ntchito, n'kuonetsa magulu okhawo amene ali ndi mizere iwiri kapena kuposa. Kwa ife katulutsa alimi 87, ndipo membala 214 ali m'gulumo. Tsopano tengani munthu mmodzi yekhayo, osati onse 87, muone zake zonse popanda kubisa kolamu iliyonse: bwezerani funso loyamba lija, lembani `SELECT *`, kumapeto muonjeze `WHERE m.nambala = 214`. Mizere isanu ndi umodzi idzatuluka. Iyang'aneni kolamu ndi kolamu kufikira mutapeza pamene iwiri yooneka yofanana yasiyana. Kolamu imeneyo ndiyo imakuuzani mtundu wa vuto.

Ikakhala kuti yasiyana pa nambala ya foni, deta ndi yabwino, cholakwika ndi ganizo la wolemba funso lakuti munthu aliyense ali ndi foni imodzi. Ikasiyana pa chaka kapena nthambi, ndiye kuti `ON` ndi yoperewera. Mwachitsanzo, ngati kopaletivu imayambanso manambala a ngongole kuchokera pa 1 chaka chilichonse, kulumikiza ndi nambala ya ngongole yokha kumakumanitsa malipiro a chaka chino ndi ngongole za chaka chatha. Pamafunika makolamu onse awiri, nambala ndi chaka. Ikasiyana pa nambala ya membala pamene dzina ndi limodzi, wina analumikiza matebulo pogwiritsa ntchito maina, ndipo m'gulu la anthu 400 kupeza a Banda kapena a Phiri awiri a dzina loyamba lofanana si chachilendo. Maina si olumikizira matebulo. Ndipo mizere ikafanana paliponse, ngakhale nambala ya lisiti, ndiye kuti kubwereza kuli m'tebulo mwenimwenimo: failo ya malipiro inalowetsedwa kawiri, mwina netiweki kapena magetsi zinaduka pakati wina n'kuyambiranso. SQL siletsa yokha mizere iwiri yofanana kukhala m'tebulo limodzi, pokhapokha womanga tebulo atailamula kutero.

Tifike pa DISTINCT, chifukwa aliyense amene wakumana ndi vutoli amauzidwa za liwu limeneli. Ukalemba `SELECT DISTINCT`, detabesi imachotsa mizere yofanana, lipoti n'kuoneka laukhondo. N'chifukwa chake limakopa. Koma ine ndimaliona ngati mankhwala oopsa pa nkhani ya ndalama, ndipo membala 214 atithandize kuona chifukwa chake. Choyamba, ngati kolamu ya foni ikadali m'funso, DISTINCT sichotsa kanthu, popeza mizere ija ndi yosiyana. Wina akaona choncho amachotsa foni ndi tsiku, n'kusiya dzina ndi ndalama. Mizere imatsika kuchoka pa 6 kufika pa 2, osati 3, chifukwa malipiro awiri enieni a K20,000 aja aonedwa ngati amodzi. Chimodzimodzi ndi `SUM(DISTINCT p.ndalama)`: imaphatikiza K20,000 kamodzi ndi K35,000, kupeza K55,000. Tsopano lipoti likuti mlimi watsala ndi K125,000 pamene ngongole yake yeniyeni ndi K105,000. Poyamba kopaletivu ndiyo imaluza, tsopano waluza ndi mlimi amene analipira mokhulupirika, ndipo cholakwika chachiwirichi n'chovuta kuchiona, chifukwa palibenso mzere wobwereza woti uchenjeze munthu. Mlimiyo akabwera ndi malisiti ake atatu m'thumba la pulasitiki, mlembi adzakhulupirira kompyuta kapena iyeyo?

DISTINCT ili ndi malo ake, monga pofuna mndandanda wa midzi imene mamembala amachokera. Koma kuiika pa funso chifukwa chakuti mizere yabwereza ndipo simukudziwa chifukwa chake, kumeneko n'kuphimba vuto. Kusintha JOIN kukhala LEFT JOIN nakonso sikuthandiza pa kubwereza. LEFT JOIN imasunga mizere yopanda mnzake kuti isatayike, koma yokhala ndi anzake awiri imaibwerezabe kawiri.

Kukonza kwenikweni kumayamba ndi funso limene kompyuta singayankhe: munthu akakhala ndi mafoni awiri, uthenga upite ku iti? Zimenezi agamule ndi akomiti kapena mlembi, osati wolemba pulogalamu payekha. Tinene kuti agwirizana kuti membala aliyense asankhe nambala yaikulu imodzi, ndipo tebulo la `mafoni` lapatsidwa kolamu `yaikulu`, yokhala ndi 1 pa nambala yosankhidwayo. Tinenenso kuti chimene tikufuna ndi mzere umodzi pa membala aliyense, woonetsa ndalama zonse zimene wabweza. Lamulo lake ndi lakuti tebulo lililonse lokhala ndi mizere yambiri pa munthu mmodzi lichepetsedwe kaye kufika mzere umodzi, kenaka n'kulumikizidwa:

```sql
SELECT m.nambala, m.dzina,
       COALESCE(p.zonse, 0) AS zonse, f.foni
FROM mamembala m
LEFT JOIN (SELECT membala, SUM(ndalama) AS zonse
           FROM malipiro GROUP BY membala) p
  ON p.membala = m.nambala
LEFT JOIN mafoni f
  ON f.membala = m.nambala AND f.yaikulu = 1;
```

Kafunso ka m'katiko kamaphatikiza malipiro a munthu aliyense asanakumane ndi mafoni, kotero membala 214 amafika pa JOIN ali ndi mzere umodzi wa K75,000. Mbali ya mafoni nayo yatsala ndi mzere umodzi. Umodzi kuchulukitsa ndi umodzi ndi umodzi, ndipo lipoti lonse likhala ndi mizere 400. `COALESCE` ikungoika 0 kwa amene sanabwezeko kalikonse. Onani kuti `f.yaikulu = 1` ili mu `ON`, osati mu `WHERE`. Ikapita mu `WHERE`, alimi opanda foni amasowanso pa lipoti, ngakhale mwalemba LEFT JOIN, chifukwa kwa iwo kolamu imeneyo ilibe kanthu ndipo `WHERE` imawasefa.

Nthawi zina tebulo lachiwiri limalumikizidwa osati chifukwa tikufuna kanthu kuchokeramo, koma pongofuna kudziwa ngati munthuyo alimo, monga kusankha mamembala okhawo amene ali ndi foni. Pamenepo JOIN siyofunika n'komwe. `WHERE EXISTS (SELECT 1 FROM mafoni f WHERE f.membala = m.nambala)` imangoyankha kuti alimo kapena mulibe, ndipo singachulukitse mizere ngakhale munthu atakhala ndi mafoni khumi.

Funso lathu latsopano likudalira chinthu chimodzi: kuti pasapezeke membala wokhala ndi manambala awiri onse olembedwa kuti ndi aakulu. Tsiku limene mlembi adzaiwale kuchotsa 1 pa nambala yakale, kubwereza kudzayambiranso. Njira yabwino ndi kuuza detabesi kuti izikana yokha:

```sql
CREATE UNIQUE INDEX foni_yaikulu
ON mafoni (membala) WHERE yaikulu = 1;
```

Kalembedwe aka kamagwira pa SQLite ndi PostgreSQL, koma MySQL sivomereza `WHERE` pamalo amenewa, kumeneko pamafunika njira ina. Nambala ya lisiti m'tebulo la `malipiro` nayonso iikidwe `UNIQUE`, kuti failo ikalowetsedwa kachiwiri detabesi ikane poyera m'malo mongolandira mwakachetechete. Dziwani kuti lamuloli silidzakhazikika ngati m'tebulo muli kale zobwereza. Detabesi idzakana kulipanga kufikira zitachotsedwa, ndipo musanachotse mzere uliwonse wa ndalama, sungani kope la detabesi yonse ndipo yerekezani ndi malisiti a pepala. Dziwaninso kuti pa SQLite ndi PostgreSQL, `UNIQUE` wamba imalola mizere yambiri yokhala ndi `NULL`, kutanthauza yopanda nambala ya lisiti, choncho kolamuyo ikhalenso `NOT NULL`.

Chotsala ndi sikilipiti ija, imene imagwira ntchito usiku popanda woiyang'anira. Munthu wothamangitsa funso ndi manja amatha kuona kuti mizere yachuluka, koma sikilipiti imatumiza mauthenga 400 osafunsa. Choncho iphunzitsidwe kudziyesa isanatulutse kanthu. Iwerenge mizere ya lipoti, iyerekeze ndi chiwerengero cha mamembala. Iphatikize ndalama za pa lipoti, iyerekeze ndi `SUM(ndalama)` yotengedwa m'tebulo la `malipiro` lokha, lopanda JOIN iliyonse.

```python
if len(mizere) != mamembala or zonse != za_malipiro:
    raise SystemExit("Manambala sakugwirizana, lipoti silinatumizidwe")
```

Kuyerekeza kotere kumayenda bwino ndalama zikasungidwa ngati manambala athunthu, monga matambala, chifukwa manambala a madesimali amatha kusiyana pang'ono pophatikiza n'kuimitsa sikilipiti popanda chifukwa. Mayeso oyamba amagwira mizere yobwereza, pamene achiwiri amagwira ndalama zochulukitsidwa ngakhale mizere itaoneka yokwanira, komanso malipiro olembedwa pa nambala ya membala amene mulibe m'kaundula. Chimodzi mwa ziwirizi chikalephera, sikilipiti iime, ilembe uthenga woti mlembi aupeze m'mawa, ndipo alimi asatumiziridwe kanthu kufikira munthu atayang'anamo.